K185,000 ya jenereta ya ku Balaka

Kwa kampani yomwe imagulitsa katundu wa K4 biliyoni pachaka, K185,000 ndi ndalama ya ndiwo. Ngakhale ife maodita, amene timalipidwa kuti tiunike mabuku a kampani zoterezi, ndalama ngati imeneyi sitiyitaira nthawi, ndipo si ulesi ayi. Ntchito isanayambe, akuluakulu athu amaika mulingo woti cholakwika chikafika pamenepo chikhoza kusocheretsa munthu wowerenga malipoti a zachuma, kaya ndi banki yofuna kubwereketsa ndalama kapena eni kampaniwo. Mulingowu timautcha matiriyalite. Pa kampani yomwe ndikunenayi, yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, mulingowo unali K40 miliyoni. Pansi pake panali kamzere kena ka K2 miliyoni: cholakwika chosafika pamenepo sitinkachilemba n'komwe pa mndandanda wa zokambirana ndi eni ake.

Inali Febuluwale 2025, chaka changa choyamba pantchito, ndipo tinkaunika mabuku a chaka chomwe chinatha pa 31 Disembala 2024. Tinali anthu atatu mu kachipinda kena ku ofesi yawo ku Limbe: asiniya athu, mnzanga wina yemwe ankaona za malipiro a ogwira ntchito, ndi ine. Wachilendo amapatsidwa mbali yomwe aliyense amaithawa. Yanga inali ya ndalama zoyendetsera kampani tsiku ndi tsiku, monga zokonzetsera magalimoto, magetsi, madzi, alonda ndi zina zotero, pamodzi K1.2 biliyoni. Anandipatsa mndandanda wa malipiro 40 osankhidwa ndi kompyuta, ndipo ntchito yanga inali kupempha mavawucha ake, kuona ngati mapepala onse alipo, kuchonga, basi.

Mavawuchawo anachedwa kubwera chifukwa ena anali m'makatoni ku sitolo. Podikira, ndinatsegula leja yonse ya zokonzetsa mu Excel n'kuchita zomwe anatiphunzitsa sabata yoyamba, zowerenga kuti kampani imodzi yalipidwa ndalama yofanana ndendende kangati. Dzina la wolipidwa linali mu danga C, ndalama mu danga E.

```
=COUNTIFS(C:C,C2,E:E,E2)
```

Ukakokera fomulayi mpaka pansi n'kusanja kuyambira nambala yaikulu, pamwamba pamabwera zinthu zomwe umayembekezera: lendi, intaneti, kampani ya alonda. Zimenezi zili ndi mgwirizano wolembedwa ndipo n'zomveka kuti mtengo wake usamasinthe. Koma pakati pa zimenezi panali kakampani kena kokonza majenereta komwe kanalipidwa K185,000 maulendo 12, mwezi uliwonse pakati pa 24 ndi 27, ndipo mawu ofotokoza anali omwewomwewo: sevisi ya jenereta, depoti ya Balaka.

Chomwe chinandiimitsa ndi chakuti kukonza makina sikukhala ndi mtengo umodzi. Aliyense amene anapititsako galimoto kugalaji amadziwa kuti ulendo uno asintha oyilo ndi fyuluta basi, ulendo wina apezanso kuti batire yatha. Komanso jenereta imapangidwa sevisi potengera maola omwe yalira, ambiri amati ikakwanitsa maola 250, osati potengera kalendala ngati lendi. Ndinapempha leja ya 2023 ndipo ndinapeza K185,000 yomweyo miyezi yonse 12. Apa ndiye panali povuta kumvetsa. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mu leja yomweyo chilichonse chochokera kunja chinalumpha, matayala, oyilo, mabatire, zonse. Makanika mmodzi yekhayu ndiye anali ndi mtima wabwino wosakweza ngakhale tambala.

Kenako ndinayang'ana pepala la malamulo a kampaniyo lonena za amene amavomereza malipiro. Ndalama yosafika K200,000 inkavomerezedwa ndi akauntanti yekha. Kuyambira K200,000 kupita m'mwamba, pankafunikanso siginecha ya mkulu wa zachuma. Ndalama yathuyi inali itakhala bwinobwino pansi pa mzerewo, ndi kampata ka K15,000.

Ndinawaonetsa asiniya. Anayang'ana pa laputopu yanga kwa kamphindi, akuoneka kuti mutu wawo uli pa nkhani ya katundu wa m'nyumba zosungiramo, yomwe inali ya mabiliyoni.

"Pachaka ikukwana zingati?"

"K2,220,000."

"Ndiye yangodutsa kamzere kaja ndi chala chimodzi. Chemwali, tatsala ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo sampulo yanu ija simunayambe. Malizani kaye 40 aja. Koma popempha mavawucha, phatikizanimo awiri kapena atatu a ameneyu. Musawapemphe paokha."

Mawu omalizawa ndi omwe ndinawasunga. Ukapempha mapepala a wolipidwa mmodzi yekha, ofesi yonse imadziwa komwe maso ako ali, ndipo mapepala amatha kusowa kapena kubadwa atsopano usiku umodzi. Choncho pa mndandanda wachiwiri ndinalembapo mavawucha 11, atatu a jenereta ndi ena asanu ndi atatu omwe ndinkawafunadi pa zinthu zina.

Amene ankatibweretsera mafayilo anali kalaliki wa malipiro, bambo wachikulire yemwe anagwira ntchito pakampanipo zaka zoposa khumi. Maodita salandiridwa bwino m'maofesi ambiri. Anthu amakuyankha akuyang'ana kumbali ndipo fayilo yopempha Lolemba imabwera Lachinayi. Bambowa anali osiyana. Anatipezera fani, anatiuza komwe kuli nsima yabwino yotchipa, ndipo ine ankanditcha "mwana wanga" chifukwa, akuti, mwana wawo wamkazi amaphunziranso za akaunti. Mavawucha 11 aja anawabweretsa tsiku lomwelo, atawasanja motsatira manambala.

Mapepala a jenereta anali athunthu kuposa ena onse. Panali fomu yopempha ntchito, oda ya kampani, invoisi, khadi losonyeza kuti ntchito yagwiridwa losainidwa ndi mkulu wa depoti, sitampa yoti zalipidwa, komanso umboni wa kubanki woti ndalama yapita. Akanakhala kuti anali m'gulu la 40 aja, ndikanachonga paliponse n'kupitirira, ndipo ndikanakhala nditagwira ntchito yanga molondola. Vawucha imodzi ukaiona payokha, imangokuuza kuti mapepala alipo. Sikuuza kuti ntchito inagwiridwa.

Nditayala atatuwo pamodzi patebulo m'pamene anayamba kulankhula. Invoisi ya Malichi inali nambala 0433, ya Epulo 0434, ya Seputembala 0439. Kuchoka Epulo kufika Seputembala ndi miyezi isanu, ndipo manambala anasuntha kasanu. Kutanthauza kuti makanikayu ankalemba invoisi imodzi yokha pamwezi, ndipo kasitomala wake pa dziko lonse lapansi anali mmodzi. Bizinesi yeniyeni siyenda choncho. Pakati pa invoisi yako ya mwezi uno ndi ya mwezi wamawa pamadutsa ena makumi angapo a anthu ena.

Chachiwiri chinali siginecha ya mkulu wa depoti. Ndinamufunsa mnzanga wa za malipiro a antchito uja kuti mkulu wa ku Balaka ndi ndani, ndipo dzina lomwe anandipatsa silinali lomwe linali pa makhadi. Atayang'ana m'mbuyo anapeza kuti mwini dzina la pa makhadiwo anasiya ntchito mu Ogasiti 2023. Koma mu Seputembala 2024 anali akusainirabe kuti jenereta yakonzedwa.

Apa ndinasiya mavawucha n'kupita ku kaundula wa katundu wa kampani, buku lomwe limalemba galimoto, makompyuta ndi makina onse, tsiku logula, mtengo wake, ndi komwe ali. Ku Balaka kunali sikelo ziwiri, mashelefu, sefa ya ndalama ndi njinga yamoto. Jenereta panalibe. Mu kaundula wa 2022 ndinaipeza itadulidwa mzere, ndi mawu oti inagulitsidwa mu Meyi 2022 pamodzi ndi makina ena akale. Ndinayang'ananso akaunti ya dizilo, popeza jenereta yolira mpaka kufuna sevisi mwezi uliwonse iyenera kumwa mafuta ambiri. Depoti ya Balaka sinagule dizilo ngakhale lita imodzi m'zaka ziwiri.

Kaundula naye amatha kulakwa. Makampani ambiri amagula makina n'kuiwala kuwalemba, kapena kusamutsa jenereta kuchoka depoti ina osasintha m'buku. Ndiye asiniya, amene tsopano anali atakokera mpando wawo pafupi ndi wanga, anandiuza kuti ndiimbire mkulu wa depoti watsopano ngati ndikungotsimikiza katundu yense wa m'kaundula, zomwe timachita nthawi zonse. Ndinawafunsa za sikelo, za njinga yamoto, ndipo kumapeto ndinati, "Nanga magetsi akazima mumatani, bambo?"

Anaseka. "Timayatsa tochi ya pafoni, mayi. Chibwerere ine kuno jenereta sindinaionepo. Pali pakonkire pokha pomwe inkakhala, alonda amaikapo mbaula. Mukawauze akuluakulu kumeneko atiganizireko."

Ananditumizira chithunzi. Panali konkire wamakona anayi, mabawuti anayi adzimbiri atatulukira m'mwamba, ndi ketulo yakuda pambali.

Funso lotsala linali lakuti ndalamayo inkapita kuti. Kakampani ka majenereta kaja sikanali kopeka. M'mafayilo a 2021 munali mainvoisi ake enieni, pafupifupi kamodzi pa miyezi itatu, mitengo yosiyanasiyana, manambala otalikirana, ndipo iliyonse inali ndi risiti la makina a EFD lomata kumbuyo, monga ankachitira amalonda olembetsa msonkho wa VAT ku MRA. Kuyambira Juni 2022 mainvoisi anali ndi chizindikiro chomwecho pamwamba, koma risiti lija panalibe ndipo msonkhowo sunkalembedwanso. Mu fayilo ya kakampaniko munali kalata ya mwezi womwewo wa Juni yopempha kuti malipiro azipita ku akaunti yatsopano ku banki ina. Dzina la akauntiyo linali lomwelo, kungowonjezera liwu limodzi kumapeto.

Chinyengo chamtunduwu n'chanzeru pa chifukwa chimodzi. Kulembetsa kampani yatsopano mu kompyuta ya malipiro kumafuna mapepala ambiri, satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho, ndi siginecha za anthu angapo. Koma kusintha nambala ya akaunti ya kampani yomwe ilimo kale, pakampanipa kunkangofuna kalata imodzi ndi munthu mmodzi woti ailowetse. Dzinalo aliyense ankalidziwa. Akauntanti akaona vawucha kumapeto kwa mwezi, nthawi yomwe tebulo lake ladzaza ndi za malipiro a antchito, ankaona dzina lakale, ndalama yaing'ono, mapepala athunthu, n'kusaina. Anthu akamva za kuba kudzera m'mabuku amakumbukira Kashigeti ya 2013, pomwe makampani ankalandira ndalama za boma mamiliyoni osapereka katundu aliyense. Njira yake ndi yomweyi, kulipira ntchito yomwe sinagwiridwe, kungoti apa munthu anasankha kudya pang'onopang'ono ngati chiswe.

Tinatumiza kalata kwa eni kakampaniko yowapempha kuti atiuze ntchito zonse zomwe anagwirira kampaniyi ndi ndalama zomwe analandira. Makalata oterewa timatumiza chaka chilichonse kwa anthu omwe kampani imachita nawo malonda, ndiye iyi inangolowa m'gulu la enawo. Chofunika n'chakuti keyala ndi nambala ya foni tinazitenga pa invoisi ya 2021, osati pa kalata yosintha akaunti ija, ndipo yankho linayenera kubwera kwa ife mwachindunji osadutsira m'manja mwa aliyense wa pakampanipo. Ukaimba nambala ya pa kalata yokayikitsayo, amene akuyankhe ndi yemwe anailemba, ndipo akutsimikizira chilichonse mwaulemu. Yankho linabwera patatha masiku awiri. Ntchito yawo yomaliza ku Balaka inali mu Febuluwale 2022, akaunti yawo sanasinthepo, ndipo ku banki inayo analibeko akaunti.

Kuyambira Juni 2022 mpaka Disembala 2024 ndi miyezi 31, ndipo ndalama yake ndi K5,735,000. Ya Januwale 2025 inalinso italipidwa kale, kufikitsa K5,920,000.

Chinthu chomaliza anachipeza ndi mnzanga uja. Kufananiza manambala a foni ndi maakaunti a makampani olipidwa ndi a ogwira ntchito ndi chizolowezi pa ntchito yathu, ndipo mndandanda wa antchito anali nawo kale. Nambala ya akaunti sinafanane ndi ya aliyense. Koma nambala ya foni ya pansi pa kalata ija inapezeka pa fomu ya wogwira ntchito mmodzi, pa danga la wachibale woimbira pakagwa zadzidzidzi. Fomuyo inali ya bambo aja, kalaliki wa malipiro.

Masana amenewo anatulukira pakhomo la kachipinda kathu monga mwa masiku onse. "Mwana wanga, mafayilo aja mwathana nawo ndikabweze? Kapena pali ena ofunika?"

"Tikadali nawo pang'ono, bambo. Tikuuzani."

Mtima unkagunda mpaka ndinkaopa kuti aumva. Mapepala onse tinali titajambula kale, ndipo enieniwo asiniya anawatsekera m'chikwama chawo. Ndinkalakalaka kuwafunsa, osati kuti ndiwakole, koma kuti mwina pali chifukwa china chomwe sitikuchiona. Koma wachilendo ngati ine saloledwa kutero, ndipo lamuloli ndimagwirizana nalo. Zomwe tinali nazo zinkasonyeza kuti ndalama inatuluka pa ntchito yomwe sinagwiridwe. Sizinkasonyeza motsimikiza kuti anatenga ndani. Kompyuta inkaonetsa kuti akaunti inasinthidwa ndi dzina lolowera la bambowa, koma mu ofesi imeneyo pasiwedi inkabwerekanidwa ngati cholembera, ndinaona ndekha anthu atatu akulowa ndi dzina limodzi tsiku limodzi. Nambala ya foni ikhoza kulembedwa ndi munthu wina wofuna kuti zikadzaululika zidzagwere mnzake. Ndipo sitinkadziwa ngati akauntanti wosaina uja ankangosaina osaona kapena ankalandirako. Kutchula munthu kuti wakuba pa umboni wotere, iwe wazaka 24 wongobwera sabata ziwiri, ukhoza kuwononga moyo wa wosalakwa kapena kupatsa wolakwa mpata wowotcha mapepala.

Ndinalemba tsamba limodzi ndi theka: zomwe ndinaona, tsiku lake, pepala lomwe zachokera, ndi zomwe sitinathe kutsimikiza. Asiniya anafufutamo liwu limodzi lokha. Pomwe ndinalemba kuti siginecha ya mkulu wa depoti inali yabodza, iwo analemba kuti inali ya munthu yemwe anasiya ntchito mu Ogasiti 2023. Kuchoka apo nkhani inapita kwa amanejala athu, kenako kwa abwana aakulu omwe amasaina lipoti, ndipo iwo ndi amene anakakumana ndi mkulu wa kampaniyo komanso komiti ya bodi yoona za oditi. Ine pamsonkhanowo sindinalipo. Malamulo a ntchito yathu, makamaka lomwe limatchedwa ISA 240, amasiyanitsa kulakwitsa ndi kuchita dala. K5.9 miliyoni yolakwitsa powerengera ikanangolembedwa pa mndandanda n'kusiyidwa. Koma ikakhala yadala, ngakhale ichepe bwanji, imakuuza kuti pali khomo lotseguka, ndipo uyenera kufunsa kuti panadutsanso chiyani. Tinawonjezeredwa masiku atatu, n'kutulutsa makampani onse omwe akaunti yawo inasinthidwa m'zaka zitatu. Analipo 14. Enawo 13 tinawatsimikiza mmodzimmodzi ndipo anali enieni.

Anzanga ena nditawafotokozera anafunsa kuti nanga maodita a zaka ziwiri zam'mbuyozo ankagona? Ine sindiwaweruza choncho. Sampulo yathu imasankhidwa motsatira kukula kwa ndalama. Mukagawa K1.2 biliyoni ndi 40, ndiye kuti kompyuta imatola vawucha imodzi pa K30 miliyoni iliyonse. Malipiro a jenereta a chaka chonse anali K2,220,000, choncho mwayi woti ngakhale imodzi mwa 12 ija itoledwe unali pafupifupi umodzi pa 14. Ndipo ikanatoledwa, akanapeza mapepala athunthu aja. Oditi ya pachaka inapangidwa kuti igwire zolakwika zazikulu zosocheretsa owerenga malipoti. Amene amayenera kugwira K185,000 ndi kampani yeniyeniyo, ndipo apa ikanatha kutero ndi zinthu zosalira ndalama: munthu wachiwiri woimbira foni pa nambala yakale akaunti isanasinthidwe, ndi kutumizira mkulu wa depoti iliyonse mndandanda wa ndalama zomwe zalembedwa pa depoti yake mwezi umenewo. Bambo a ku Balaka aja akanangoona mzere wa sevisi ya jenereta kamodzi kokha, akanaimba foni tsiku lomwelo. Ziwirizi ndi zomwe tinalemba mu kalata yathu ya malangizo kwa oyendetsa kampani, pamodzi ndi nkhani ya mapasiwedi.

Lipoti lathu pa mabuku a 2024 linatuluka loyera, popeza K2,220,000 sikanasintha chithunzi cha kampani ya mabiliyoni anayi. Kampaniyo inaitana akatswiri ena ofufuza zachinyengo, omwe ali ndi nthawi yofunsa anthu ndi kutsata komwe ndalama inathera, ntchito yomwe si yathu. Tsiku lomaliza, pobweza mafayilo, pa desiki ya bambo aja panali mtsikana wina wa ku dipatimenti ina, ndipo anatiuza kuti iwo ndi akauntanti apatsidwa tchuthi podikira kafukufuku. Fani ija tinaisiya pakona, osadziwa kuti tiibweze kwa ndani. Pa tebulo lake panali mulu wa mavawucha a Febuluwale odikira siginecha, ndipo pamwamba penipeni, atalembapo ndi cholembera chofiira kuti isalipidwe, panali invoisi nambala 0444.